Kugawana chuma cha masiye popanda kusumirana: ntchito ya mkhalapakati ndi kalembedwe ka mgwirizano

Mikangano yambiri ya chuma cha masiye m'Malawi muno sifika kukhothi. Imathera pakhonde, pabwalo la amfumu kapena m'kachipinda ka kutchalitchi. Anthu amaopa khothi pa zifukwa zomveka: loya amafuna ndalama, mlandu umasunthidwa kangapo, ndipo nthawi yonseyo ndalama za malemu zili zotsekeredwa kubanki pamene ana akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Komanso munthu amene wakokera mlamu wake kukhothi amadziwa kuti pa maliro otsatira sadzapatsana moni. Choncho kukambirana pamaso pa mkhalapakati ndi njira yabwino, ndipo Malamulo Aakulu a dziko lino, pa gawo 13, amalimbikitsa kuthetsa kusamvana mwa njira zotere. Vuto limabwera poti mabanja ambiri amagwirizana bwinobwino, n'kulemba pepala loti silingatsegule akaunti kubanki, silingasinthe dzina pa mapepala a nyumba, ndipo pakatha zaka ziwiri aliyense amaliwerenga mwa njira yakeyake.

Tiyambe ndi kusiyanitsa mkhalapakati ndi woweruza, chifukwa ambiri amasokoneza. Amfumu akakhala pabwalo, kawirikawiri amamva mbali zonse kenaka n'kugamula. Mkhalapakati sagamula. Ntchito yake ndi kuyendetsa zokambirana kuti eni nkhaniwo apeze okha chomwe angagwirizane, ndipo wina akakana, palibe chomwe chachitika. Angathe kukhala nkhoswe, m'busa, shehe, mkulu wa mpingo, wothandiza anthu pa zamalamulo, kapena mmodzi mwa anthu odzipereka amene bungwe la PASI, lothandiza anthu pa zamalamulo, lakhala likuwaphunzitsa m'midzi ya maboma ena kuti aziyanjanitsa anthu kwaulere. Amfumu nawonso angathe kugwira ntchitoyi, bola avule kaye chipewa cha woweruza. Chofunika n'chakuti mbali zonse zimuvomere ndipo iye asakhale ndi gawo pa chumacho. Amalume amene akuyembekeza kulandirako ng'ombe sangakhale mkhalapakati, ngakhale atakhala mwinimbumba wolemekezeka chotani.

Koma mkhalapakati sayambira pa mpanda kanthu. Pali lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1967, ndipo ndilo muyeso wa zonse zimene zikambidwe. Lamuloli linatseka khomo loti munthu azilandira chuma cha malemu pongotengera mwambo. Ngati munthu wamwalira osasiya wilo, gawo 17 limati chuma chake ndi cha mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, pamodzi ndi anthu amene ankadalira iye. Mawu oti ana akutanthauza onse: obadwira m'banja, obadwira kunjira, oleredwa mwalamulo, ngakhale amene adakali m'mimba. Odalira malemu si aliyense amene ankadya pakhomopo. Ndi makolo ake amene iye ankawasamala mpaka pomwalira, ndi ana aang'ono amene ankawalipirira sukulu. Achimwene ndi achemwali a malemu amene ali ndi mphamvu zawo alibe gawo ngati malemuyo wasiya mkazi kapena ana.

Lamulo lomweli limapereka ndondomeko ya kaganizidwe. Choyamba ndi kuteteza a m'banja ndi odalira aja kuti asagwe m'mavuto. Katundu wa m'nyumba, monga mipando, mabedi ndi ziwiya, amatsala ndi wamasiye. Zotsalazo zimagawidwa pakati pa wamasiye, ana ndi makolo a malemu, ndipo ngati palibe chifukwa chapadera magawo a wamasiye ndi ana amakhala ofanana. Zifukwa zapaderazo lamulo limazitchula: zimene malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika, thandizo la maphunziro kapena la zofunika zina pa moyo limene wina analandira kale malemu ali moyo, ndi dzanja limene mkazi kapena mwana anaikapo pa bizinesi kapena katunduyo. Pakati pa ana, wamng'ono amayenera kulandira chokulirapo kuposa wamkulu, popeza ulendo wake ukadali wautali.

Wina angafunse kuti ngati lamulo linanena kale zonsezi, kukambirana n'kwa chiyani. Yankho lake n'lakuti lamulo limanena za magawo, koma silinena kuti nyumba imodzi ya zipinda zitatu muigawa bwanji kwa anthu asanu, kapena kuti chigayo chili kumudzi aziyendetsa ndani. Apo ndi pamene banja lili ndi mpata waukulu wopangana lokha. Ndipo kudziwa chimene khothi lingagamule kumathandiza aliyense kuti asaumirire zosatheka. Mkhalapakati amene sauza anthu zimene lamulo likunena, poopa kuoneka ngati akukondera, amasiya wofooka m'manja mwa wolongolola. Ine ndimaona kuti uku si kusakondera ayi, ndi kuthandiza mbali imodzi mwakachetechete.

Tiyerekeze nkhani iyi kuti tione mmene zimayendera. Bambo wina wamwalira ku Lilongwe osasiya wilo. Wasiya mkazi ndi ana atatu, wa zaka 24 amene anamaliza koleji ndipo ali pantchito, wa zaka 15 ndi wa zaka 9. Pa maliro patulukira mwana wina wa zaka 12 wa kwa mayi wina, ndipo abale akuchimuna akuti ankamudziwa. Kumudzi ku Dedza kuli mayi ake a malemu, okalamba, amene ankalandira thandizo mwezi ndi mwezi. Chuma chake ndi nyumba ya papuloti ya lizi yokhala ndi kanyumba kakuseri kochititsa lendi, chigayo cha ku Dedza chimene mng'ono wake wa malemu amayendetsa, ndi K4,600,000 kubanki. Mng'onoyo akuti chigayo ndi cha kubanja kwawo. Mkaziyo akuti mwana wakunjirayo sakumudziwa. Agogo akungolira kuti mwana wawo wapita ndipo iwo aiwalika.

Nthawi yokhalira pansi ndi nkhani payokha. Mwambo wa m'madera ambiri umaika zokamba za katundu pa tsiku la kumeta kapena posudzula wamasiye, ndipo palibe cholakwika kuyambira pamenepo. Cholakwika ndi kufuna kumaliza zonse tsiku lomwelo, mayi adakatupa maso, abale akuthamangira basi. Chimene chingachitike msanga ndi kulemba katundu yense ndi kugwirizana kuti pasachoke kanthu mpaka nkhani itatha. Kugawa kwenikweni kudikire masabata angapo.

Mkhalapakati wodziwa ntchito amayamba wakumana ndi mbali iliyonse payokha. Kumeneko ndiye kumatuluka zimene munthu sanganene pagulu. Mayi wamasiye uja, atafunsidwa payekha ndi m'busa amene anali mkhalapakati, sanayambe ndi za mwana wakunjira. Anati, "Abusa, ine mantha anga ndi nyumbayi. Alamu anga akangoti igulitsidwe, ana awiriwa ndilowera nawo kuti?" Mlamuyo payekha anati, "Mota ya chigayo chija ndinagula ndine. Achimwene anagula mphero ndi kumanga shedi. Tsopano mukuti ndichoke chimanjamanja?" Mukamvetsetsa, awiriwa sakulimbirana chinthu chimodzi. Wina akufuna denga, wina akufuna kuti thukuta lake lizindikirike. Pabwalo lodzaza anthu, aliyense akanangoti zonse n'zanga.

Tsiku lokumana onse, chinthu choyamba si kugawa koma kuwerenga. Pamalembedwa mndandanda wa zonse zimene malemu anali nazo, ndi umboni wake: mapepala a puloti, malisiti, sitetimenti ya kubanki, kope la ndalama za kuchigayo. Kenaka pamachotsedwa zimene sizinali zake. Sitepe imeneyi anthu amailumpha, koma ndiyo imathetsa theka la mkangano. Mlamu uja atabweretsa lisiti ya mota yolembedwa dzina lake, zinaoneka kuti motayo si chuma cha masiye n'komwe. Iye sakulandira cholowa, akungosunga chake. Chimodzimodzi mayi uja anaonetsa kuti malata ndi simenti ya kanyumba kakuseri zinachokera ku geni yake ya kaunjika ndi ngongole ya kubanki mkhonde. Ndalama za penshoni, ngati malemu anali pantchito, nazonso zimayenda njira yakeyake: oyang'anira thumba la penshoni amatsata fomu imene malemu analembapo mayina, ndipo banja silingasinthe zimenezo pamkeka.

Kenaka ngongole. Chuma cha masiye chimayamba chabweza ngongole za malemu chisanagawidwe. M'nkhani yathuyi panapezeka K600,000 ya simenti ndi zitsulo imene malemu anatenga pa ngongole kusitolo, ndipo mwini sitolo anali ndi kope losainidwa. Choncho pa K4,600,000 paja patsala K4,000,000. Samalani ndi ngongole zongotulukira pa maliro, zopanda pepala kapena mboni. Mkhalapakati afunse modekha kuti ndalamazo zinaperekedwa liti, pamaso pa yani, ndipo malemu anabwezako zingati. Ngongole yabodza kawirikawiri imagwa pa funso lachiwiri.

Za mwana wa zaka 12 zinavuta, monga zimavutira kulikonse. Apa mkhalapakati alibe mphamvu yonena kuti mwanayu ndi wa malemu kapena ayi. Angathe kungothandiza anthu kuyang'ana umboni umene ulipo: kalata ya kubadwa, buku la kusikelo, malisiti a fizi, mauthenga a pafoni otumizira ndalama, mawu a ankhoswe. Umboni utaikidwa pamkeka, mayi wamasiye anavomera, ngakhale mowawidwa mtima. Akanakana, mfundo imeneyi inayenera kupita kukhothi, kumene angalamule ngakhale zoyeza magazi, kwinaku zina zonse zikupitirira kukambidwa. Sikofunika kuti chinthu chimodzi chokanika chigwetse zonse. Ndipo mwanayo ayenera kukhala ndi womulankhulira pa zokambiranazo, amene nthawi zambiri ndi mayi ake. Mayiyo payekha alibe gawo ngati sanali pabanja ndi malemu, koma ali pamenepo m'malo mwa mwana.

Ndalama zija, kuzigawa mofanana kwa anthu asanu, mayi ndi ana anayi aja, aliyense akanalandira K800,000. Koma mwana wamkulu anaphunzitsidwa kale mpaka koleji ndi ndalama za bambo ake, pamene wamng'ono ali sitandade 4. Anagwirizana kuti wamkulu atenge K400,000, mayi K800,000, wa zaka 15 K800,000, wa zaka 12 K900,000, ndipo wa zaka 9 K1,100,000. Wamkuluyo ndi munthu wamkulu, angathe kuvomera kulandira zochepa, ngakhale kusiyiratu gawo lake ngati wafuna. Chimene sichitheka ndi kuti wina asiye gawo la mwana wosakwana zaka 18. Mayi sangati, pofuna mtendere ndi alamu ake, ana anga asalandire kanthu pa chigayo. Gawolo si lake, ndipo mwanayo akadzakula angathe kudzatsutsa mgwirizanowo.

Nyumba anagwirizana kuti isagulitsidwe mpaka mwana wamng'ono atakwanitsa zaka 18. Mayi ndi ana apitirize kukhalamo, ndipo umwini wake ukhale wa mayiyo ndi ana onse anayi. Lendi ya kanyumba kakuseri, K80,000 pamwezi, igawike pawiri: theka kwa mayi chifukwa cha ndalama zake zimene analowetsapo, theka ku fizi ya mwana wa zaka 12, amene sakhala nawo m'nyumbamo. Alamu anafunsa funso limene limafunsidwa nthawi zonse: "Nanga alamu akakwatiwanso?" Lamulo la 2011 linayankha kale kuti kukwatiwanso sikumulanda wamasiye zimene analandira. Kusiyana kulipo pa katundu amene ali pa malo a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu: pamenepo wamasiye akakwatiwanso umwini umapita kwa ana. Nyumba ya papuloti ya lizi m'tauni siili m'gulu limenelo, koma shedi ya chigayo ya ku Dedza ili momwemo, ndipo n'chifukwa chake mkhalapakati ayenera kufunsa za mtundu wa malo pa chinthu chilichonse chomangidwa.

Chigayo anachisiya m'manja mwa mlamu kuti aziyendetsa. Akachotsa za magetsi, malipiro a wogayitsa ndi zokonzetsera, phindu ligawike patatu: gawo limodzi lake, magawo awiri a banja la malemu. Pa magawo awiriwo pazichoka K30,000 mwezi uliwonse ya agogo, moyo wawo wonse. Agogowo ali ndi ufulu umenewo mwalamulo monga kholo limene linkadalira malemu, si chifundo cha mpongozi wawo ayi.

Tsopano pepala. Apa ndi pamene ntchito yabwino imaonongekera. Ndaonapo mapepala ambiri olembedwa motere: "Ife abanja tagwirizana kuti nyumba ndi ya ana ndipo chigayo chizithandiza onse." Pansi pake masiginecha asanu ndi chidindo cha amfumu. Tsiku losaina aliyense amamva bwino. Koma ana ake ati, atatu kapena anayi? Mayi ali ndi malo m'nyumbamo kapena ndi mlendo wa ana ake? Onse ndi ndani, ndipo kuthandiza ndi ndalama zingati? Pepala lotere silinathetse mkangano, langousungira m'tsogolo.

Mgwirizano wolembedwa bwino umayamba ndi malemu: dzina lonse monga lilili pa chiphaso cha unzika, tsiku limene anamwalira, ndi mawu oti sanasiye wilo, kapena kuti anasiya ndipo ili kwa uje. Kenaka mayina a onse oyenera kulandira, ubale wawo ndi malemu, zaka za ana, ndi dzina la amene akuimira mwana aliyense wamng'ono. Katundu atchulidwe moti mlendo angathe kumuloza: nambala ya puloti ndi dera lake, dzina la banki ndi nambala ya akaunti, nambala ya galimoto kapena njinga yamoto monga ilili mu bulubuku, ng'ombe zingati ndipo zili m'khola la yani. Zimene mwagwirizana kuti si za malemu, monga mota ija, zilembedwenso, kuti wina asadzaziukitse.

Mfundo iliyonse iyankhe mafunso anayi: ndani, achita chiyani, pofika liti, ndipo akapanda kuchita chidzatsatira n'chiyani. Za chigayo zija zingalembedwe motere: "Bambo uje aziyendetsa chigayo cha pamudzi wakutiwakuti. Pofika pa 5 mwezi uliwonse azitumiza magawo awiri mwa atatu a phindu ku akaunti yakutiyakuti ndi kuonetsa kope la ndalama kwa mayi uje. Akalephera miyezi itatu yotsatizana, adzachotsa mota yake ndipo oyendetsa chuma adzapeza munthu wina woyendetsa chigayocho." Mawu ngati amenewa amaoneka ouma pakati pa abale, ndipo ena amati kulemba chonchi ndi kusakhulupirirana. Koma amene adzawerenge pepalali pakadzavuta mwina sadzakhala inu. Adzakhala mwana amene lero ali ndi zaka 9, kapena mkazi wa mlamuyo mlamuyo atamwalira.

Ndalama za ana aang'ono zilembedwe kumene zikasungidwe ndi amene angatapeko. Njira yabwino ndi akaunti ya dzina la mwanayo yofuna masiginecha awiri, mmodzi wa kuchikazi ndi wina wa kuchimuna, ndi kutchula zimene ndalamazo zingagwire, monga fizi ndi chipatala. Pomaliza palembedwe kumene mudzapite mukadzasemphana pa tanthauzo la mgwirizanowo, kaya kwa mkhalapakati yemweyo kapena wina, musanaganize za khothi.

Pepalalo lilembedwe m'chilankhulo chimene onse akumva. Ngati pafunika la Chingerezi lopita nalo ku maofesi, likhale lomasulira lomwelo, ndipo onse asaine mapepala onse awiri. Lisanasainidwe liwerengedwe mokweza, ndime ndi ndime, ndipo amene sadziwa kulemba adinde chala, mboni n'kulemba pambali kuti pepalali linawerengedwa kwa iye m'Chichewa ndipo anavomera. Tsamba lililonse lisainidwe, osati lomaliza lokha, chifukwa tsamba lapakati limasinthika mosavuta. Mboni zikhale ziwiri kapena kuposa, zopanda gawo pa chumacho. Tsiku ndi malo zilembedwe. Mbali iliyonse itenge pepala lake losainidwa, mkhalapakati asunge lake, ndipo kujambula tsamba lililonse pafoni sikuononga kanthu. Ndi bwinonso kupatsa anthu masiku angapo pakati pa kugwirizana ndi kusaina, kuti amene akufuna akafunse kwa loya, ku Legal Aid Bureau kapena kwa wothandiza pa zamalamulo. Amene akukana kuti mnzake akafunse kwina ndiye kuti pali chimene akuopa.

Nanga pepala limeneli lili ndi mphamvu yanji? Ndi pangano pakati pa amene asaina. Wina akaliphwanya, winayo angathe kukasuma ndipo pepalalo likakhala umboni wamphamvu. Chidindo cha amfumu chimachitira umboni kuti zinachitikadi pamaso pa anthu, ndipo pa nkhani za minda ndi malo a kumudzi n'chofunika kwambiri chifukwa iwo ndi amene amadziwa malire. Koma chidindocho sichisandutsa pepala kukhala chigamulo cha khothi, ndipo sichipereka mphamvu yogwira chuma cha malemu. Mukapita nalo kubanki adzakubwezani mwaulemu. Ku ofesi ya zamalo chimodzimodzi.

Chimene maofesi amenewa amafuna ndi kalata ya khothi yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Choncho ngakhale banja limene lagwirizana pa chilichonse limafikabe kukhothi, koma limapita kukatenga kalata, osati kukakangana, ndipo kusiyana kwake pa nthawi ndi ndalama n'kwakukulu. N'chifukwa chake mgwirizano uyenera kutchula amene banja lawasankha kuti akapemphe kalatayo. Pamene pali ana aang'ono ndi nzeru kusankha anthu awiri. M'nkhani yathu anasankha mayi ndi mwana wamkulu. Iwo amatenga kalata ya imfa, mndandanda wa katundu ndi mtengo wake, ndi mgwirizano uja, n'kukapempha. Chuma chochepa chimatha kuthera kwa majisitireti kapena kudzera ku ofesi ya DC, koma chokhala ndi nyumba ya mapepala ngati ichi chimapita ku khothi lalikulu, limene lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, ndipo za msonkho wa chuma cha masiye zimayenera kulongosoledwa kaye. Ngati m'banjamo mulibe amene onse akumukhulupirira, ofesi ya Administrator General ingathe kuyendetsa chumacho. Kalata ikatuluka, oyendetsa chuma aja ndi amene amatapa ndalama kubanki, kubweza ngongole, kusinthitsa dzina pa puloti, ndi kupereka kwa aliyense monga mwa mgwirizano, akusainitsa aliyense wolandira. Iwo si eni chuma. Ndi osunga chabe, ndipo angathe kufunsidwa kuti afotokoze mmene ndalama iliyonse yayendera.

Pali njira yolimbitsira mgwirizano kuposa apa. Ngati mlandu unalowa kale kukhothi, kukambirana sikunatsekeke. Malamulo oyendetsera milandu ku khothi lalikulu a chaka cha 2017 amafuna kuti milandu yambiri yosakhudza upandu iyambe yadutsa pa mkhalapakati, amene amakhala jaji. Zokambidwa m'menemo ndi zachinsinsi, ndipo zikakanika mlandu umapita kwa jaji wina amene sanamve zimenezo. Zikatheka, mgwirizano umalembedwa, kusainidwa, n'kukhala ndi mphamvu ngati chigamulo. Mbali ziwiri zimene zagwirizana kunja zingathenso kupempha khothi kuti lilembe zimene zagwirizanazo ngati lamulo lake. Ubwino wake ndi woti wina akaphwanya simuyambanso mlandu watsopano, mumangopempha khothi kuti likakamize zimene linalamula kale. Pa chuma chokhala ndi nyumba, bizinesi ndi ana a mimba zosiyana, ine ndingalangize kuti musaime pa chidindo cha amfumu chokha.

Ngati malemu anasiya wilo yovomerezeka, mpata wokambirana umachepa, chifukwa wiloyo ndiyo imatsatidwa. Akuluakulu olandira angathe kusinthana magawo awo mwa kufuna kwawo, koma sangachotse munthu amene walembedwamo. Ndipo mkazi kapena mwana amene wasiyidwa kunja kwa wilo ali ndi khomo lokapempha khothi kuti limuganizire.

Pali nkhani zina zimene siziyenera kubwera pamkeka n'komwe. Ngati abale abwera kale ndi lole n'kunyamula katundu, kapena atsekera wamasiye kunja kwa nyumba, umenewo ndi mlandu wolanda chuma cha masiye, umene lamulo la 2011 limaika chilango chofika zaka 10 m'ndende pamodzi ndi kubweza katunduyo. Malo ake ndi kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Kukambirana kungabwere pambuyo katundu atabwerera, osati kuti mayi azipempha theka la zinthu zake zomwe kwa amene wamulanda. Chimodzimodzi pamene pali kuopsezana, kunenerana za ufiti, kapena kukayikira kuti wilo ndi yopeka.

Kukakamiza kwina sikuoneka msanga, ndipo mkhalapakati ayenera kukhala tcheru. Wamasiye amene ali pa chitengwa, pakati pa abale a mwamuna okhaokha, akhoza kuvomera chilichonse kuti angochoka pamalopo. Bambo wa pa chikamwini amene mkazi wake wamwalira amakumana ndi zomwezo, ngakhale anthu sakonda kuzitchula: amauzidwa kuti anyamule kachikwama kake, nyumba imene anamanga yekha n'kutsala. Zizindikiro zake ndi zodziwika. Munthu akuyankha kuti "chilichonse chimene akuluakulu anena" pa funso lililonse. Wabwera yekha pamene mbali inayo yabwera anthu khumi. Wina akumuyankhira. Kapena mgwirizano ukumusiya ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene lamulo likanamupatsa, popanda chimene walandira m'malo mwake. Mkhalapakati akaona zotere aimitse zokambirana, akumane naye payekha, amuuze gawo lake mwalamulo ndi manambala ake, ndipo amulole abwere ndi nkhoswe yake kapena munthu wina womudalira tsiku lina. Mgwirizano wosainidwa mokakamizidwa khothi lingathe kuuthetsa, koma pofika pamenepo ng'ombe zimakhala zitagulitsidwa kale ndipo wogula puloti atayamba kumanga.

Za minda ya kumudzi zili ndi njira yake. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a zamalo ndi mabwalo omva mikangano ya malo, kuyambira pa mfumu yaikulu kukwera m'mwamba. Choncho ngati mgwirizano wakhudza munda kapena dimba, malire ake ayendedwe ndi mapazi pamaso pa amfumu ndi eni minda yoyandikana nayo, alembedwe potchula zizindikiro zosasuntha monga mtsinje, msewu kapena mwala, ndipo kumene kalembera wa malo anafika, dzina likasinthidwe m'kaundula. Munda umene malemu ankangolima koma ndi wa mbumba yonse usalowetsedwe pa mndandanda ngati wake, chifukwa amene sanaitanidwe pa zokambiranazo sadzamangidwa ndi pepala limene sanasaine.